Mtengo wa nyumba uli m'zimene ogula adalipira

Nkhani yolankhulidwa kwa achinyamata amene akuyamba ntchito yogulitsa nyumba

Ambiri mwa inu mwayamba ntchitoyi chaka chino, ndipo ndikudziwa kuti kunjaku ena akukutchulani kale kuti madobadoba. Dzinali limapweteka, koma silidangobwera. Anthu adatopa kuona nyumba imodzi ikutsatsidwa pamitengo itatu yosiyana, aliyense ataikapo zake pamwamba. Chimene chingakusiyanitseni ndi dobadoba n'chakuti mwininyumba akakufunsani kuti mtengo mwatchulawu mwautenga kuti, muzitha kutulutsa pepala n'kumuonetsa. Lero tikambirana kapangidwe ka pepala limenelo, ndiponso mmene mungaliyalire pamaso pa munthu amene mumtima mwake ali kale ndi mtengo wina.

Ndikuuzani za nyumba imodzi yokha, ya ku Eliya 25 mumzinda wa Lilongwe. Ziwerengero ndazidula kuti zisavute kutsatira, choncho muzitenge ngati chitsanzo, musakazitchule mawa ngati mitengo ya kuderalo.

Mwini wake anali mayi wachikulire, mwamuna wawo atamwalira. Nyumbayo inali ya zipinda zogona zitatu, yokula masikweya mita 130, papuloti ya mamita 20 mulifupi ndi 30 mulitali. Inali ndi mpanda wa njerwa, madzi ndi magetsi, ndipo liizi yake ya zaka 99 inali yolembetsedwa kale. Panalibe boyizikota. Malata a mbali ya kukhitchini anali atachita dzimbiri, ndipo siling'i inali ndi mawanga a madzi. Kuchoka pamsewu wa tala munkayenda pafupifupi mamita 400 m'msewu wafumbi. Ndisanakhale n'komwe pansi, mayiwo adandiuza kuti akufuna K120 miliyoni, chifukwa aneba a kuseri kwawo ankatsatsa yawo pa K130 miliyoni.

Tsiku loyambalo sindidatchule mtengo uliwonse, ndipo nanunso musamatchule. Ukangonena nambala usanafufuze, imamera mizu m'mutu mwa mwininyumba, ndipo kuizula n'kovuta. Ndidatulutsa tepi n'kuyeza nyumbayo kunja khoma ndi khoma, ndidasuzumira m'denga, ndidatsegula mipopi, kenako ndidapempha mapepala. Pamapepala ndimayang'ana zinthu zitatu: dzina limene lili paliizi, zaka zimene zatsala, ndiponso ngati nyumbayo siili pachikole kubanki. Pamene mwini wake adamwalira, funsani ngati pali chikalata cha kukhoti chopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye. Popanda chimenecho mungathe kuwerengera bwinobwino mtengo wa nyumba imene munthu amene mukulankhula nayeyo alibe mphamvu yoigulitsa. Mayiwa anali nacho.

Tsopano tifike pantchito yeniyeni, yofuna nyumba zoyerekezera. Lamulo loyamba n'lakuti timayerekezera ndi nyumba zimene zagulidwa, ndalama n'kulipiridwa. Mtengo wapachikwangwani kapena wa pa WhatsApp umangotiuza zimene wogulitsa akulakalaka. Nyumba ya aneba ija ya K130 miliyoni inali itakhala pamsika miyezi 14. Imeneyo inalinso umboni, koma umboni wakuti pamtengo umenewo palibe amene akufuna kugula.

Nanga mitengo yeniyeniyo mumaipeza kuti? Mumaitolera pang'onopang'ono ngati nkhuni. Khalani ndi kaundula wanuwanu, momwe muzilemba nyumba iliyonse imene mwamva kuti yagulidwa: dera, tsiku, kukula kwa puloti ndi nyumba, mtundu wa mapepala, mtengo wotsatsira ndi mtengo umene adamvana. Funsani maejenti anzanu amene adagulitsa, ndipo inunso muziwauza zanu. Mtengo uliwonse yesetsani kuumva kwa anthu awiri, chifukwa wogulitsa amakonda kuukweza pofotokozera anzake, wogula amakonda kuutsitsa, ndipo ngakhale nambala yolembedwa pachikalata chosinthira umwini nthawi zina imakhala yochepetsedwa pofuna kuzemba msonkho.

Ine ndidapeza nyumba zisanu zogulidwa m'chaka chimenecho, koma ziwiri ndidazitaya. Yoyamba idapita pa K60 miliyoni, ndipo nditafufuza ndidapeza kuti munthu adagulitsa kwa mng'ono wake. Mtengo wapachibale si wapamsika. Yachiwiri idagulitsidwa ndi banki mwini wake atalephera kubweza ngongole, ndipo malonda otere amachitika mofulumira, ogula akudziwa kuti wogulitsa alibe nthawi yodikira. Nyumba yoyerekezera yabwino ndi imene wogula ndi wogulitsa sanali pachibale, panalibe wokakamizidwa, ndipo idatsatsidwa poyera kwa nthawi yokwanira. Iyeneranso kukhala ya m'dera lomwelo. Nyumba ya ku Eliya 47 kapena ku Eliya 43 singakuuzeni kanthu za ku Eliya 25, ngakhale pulani yake itakhala imodzimodzi, chifukwa ogula ake ndi anthu ena. Ngakhale m'dera limodzi, nyumba ya kumtunda ndi ya m'mphepete mwa dambo kumene madzi amasefukira dzinja lililonse sizilingana.

Zidatsala zitatu. Popeza palibe nyumba ziwiri zofanana ndendende, iliyonse timaisintha mtengo kuti ifanane ndi yathu. Mvetsetsani bwino apa, chifukwa m'pamene ambiri amasokoneza. Timasintha mtengo wa nyumba yoyerekezerayo, osati wa yathu. Ngati iyo ili ndi chinthu chimene yathu ilibe, timachotsera. Ngati ilibe chimene yathu ili nacho, timaonjezera. Funso limene mukudzifunsa ndi ili: nyumba ijayi ikadakhala ngati ya mayiwa, n'kugulidwa lero, ikadapita pa zingati?

Timayamba ndi nthawi. M'kaundula wanga ndinkaona kuti mitengo ya nyumba zamtunduwu inkakwera pafupifupi 1 peresenti pamwezi, ndipo ndidagwiritsa ntchito imeneyo. Koma chenjerani ndi malire ake. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Nyumba imene idagulidwa kugwa kotere kusanachitike simungaikoke ndi kaperesenti kapamwezi n'kuifikitsa kutsidya lino. Simenti ndi malata zimakwera sabata yomweyo, pamene nyumba zakale zimatsatira pang'onopang'ono, chifukwa malipiro a ogula sanakwere nawo. Zikatero, funani nyumba zogulidwa pambuyo pa kugwako basi, ngakhale zikhale zochepa.

Nyumba yoyamba inali mumzere womwewo, ndipo idagulidwa miyezi iwiri m'mbuyomo pa K90 miliyoni. Kuonjezera 2 peresenti ya nthawi, idafika pafupifupi K92 miliyoni. Inali ndi boyizikota ya zipinda ziwiri, ndipo ndidachotsera K8 miliyoni. Denga lake linali labwino pamene lathu linkadontha, ndiye ndidachotseranso K3 miliyoni, ndalama zimene kalipentala adandiwerengera kuti zingakonzetse malata ndi siling'i. Idatsala pa K81 miliyoni.

Yachiwiri idagulidwa miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo pa K75 miliyoni. Kuonjezera 8 peresenti, idakhala K81 miliyoni. Inalibe mpanda wa njerwa, ndiye ndidaonjezera K6 miliyoni. Inali m'mphepete mwa msewu wa tala, ndidachotsera K4 miliyoni, komanso K3 miliyoni ya denga ija. Idathera pa K80 miliyoni.

Yachitatu idagulidwa miyezi inayi m'mbuyomo pa K70 miliyoni, ndipo ndi nthawi idafika pafupifupi K73 miliyoni. Denga lake linali lotopa ngati lathu, choncho pamenepo sindidasinthe kanthu. Inali yocheperako ndi masikweya mita 15, ndipo ndidaonjezera K6 miliyoni. Mwini wake analibe liizi yomalizidwa, anali ndi kalata yongomupatsa malo, pamene yathu inali ndi mapepala onse, ndiye ndidaonjezera K4 miliyoni. Idafika pa K83 miliyoni.

Ndikuona ena mukufuna kufunsa kuti K8 miliyoni ya boyizikota ndidaitenga kuti. Funso labwino, ndipo mwininyumba wochenjera adzakufunsani lomwelo. Njira yodalirika ndiyo kupeza m'kaundula nyumba ziwiri zogulidwa nthawi yoyandikana, zofanana pazonse kupatula chinthu chimodzicho. Kusiyana kwa mitengo yawo ndiko mtengo umene ogula amaika pachinthucho. Kawirikawiri umachepera pandalama zimene munthu angawononge pochimanga lero. Kumanga boyizikota yatsopano kukadadya zoposa K8 miliyoni, koma wogula salipira mtengo wa chatsopano pachinthu chimene chakhala zaka khumi. N'chimodzimodzi ndi masikweya mita oonjezera. Musagawe mtengo wonse wa nyumba ndi kukula kwake n'kuchulukitsa ndi 15, chifukwa m'mtengo wonsewo muli puloti, mpanda, madzi ndi magetsi, zimene sizikula chipinda chikakula.

Tsono tili ndi 81, 80 ndi 83. Musangoziphatikiza n'kugawa patatu ngati samu ya kupulaimale. Onani kuti ndi iti imene mwaisintha pang'ono. Yachiwiri ndidaigwira malo anayi, ndipo zosintha zake zonse pamodzi zidakwana K19 miliyoni panyumba ya K75 miliyoni, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi. Nyumba imene yafuna kusinthidwa kwambiri chotere ndiye kuti sikufanana kwenikweni ndi yanu, ndipo mawu ake muwamve mopepuka. Yoyamba inali yapafupi, yaposachedwa, ndipo ndiyo ndidaikhulupirira kwambiri. Ndidaika mtengo wa nyumba ya mayi aja pakati pa K80 ndi K83 miliyoni, ndipo ndinkayembekezera kuti malonda adzathera pafupi ndi K82 miliyoni. Zitatuzo zikadatuluka 65, 80 ndi 100, sindikadatola nambala yapakati. Kutalikirana kotere kumasonyeza kuti pali mtengo umene ndidanamizidwa kapena chinthu chimene sindidachione, ndipo ndikadabwerera kukafufuza.

Ndisanapite kwa mayiwo ndidayesanso ndi lendi. Nyumba ngati yawo inkachitidwa lendi pa K450,000 pamwezi, zomwe ndi K5.4 miliyoni pachaka. Wogula pa K82 miliyoni angabweze ndalama zake m'zaka 15, ndipo nyumba zinazo zinalinso chapomwepo. Pa K120 miliyoni angadikire zaka 22. Munthu wogula kuti aikemo alendi samu imeneyi amaichita m'mutu asanatsike n'komwe m'galimoto.

Gawo lachiwiri la ntchito ndilo lovuta, chifukwa kuwerengera mumachita nokha patebulo, koma kufotokoza mumachita pamaso pa munthu amene adalerera ana m'nyumbayo. Ndidapempha kuti pakhale aliyense amene ali ndi mawu pamalondawo. Panali mwana wawo wamkazi, ndipo wamwamuna, amene amagwira ntchito ku Joni, tidamuika pafoni. Izi musamazilumphe. Wachibale amene sadamve nawo kufotokoza ndi amene amadzagwetsa malonda tsiku losainirana, akunena kuti amayi aberedwa.

Sindidayambe ndi nambala yanga. Ndidawafunsa kuti, "Mayi, K120 miliyoni ija mudaifika bwanji?" Adayankha kuti, "Mwanangu, bambo ako adamanga nyumba ino ndi penshoni yawo yonse. Matailosi awa tidaika chaka chatha chomwechi. Ndipo pita ukafunse simenti ili pa zingati lero." M'yankho limenelo munali zinthu zitatu zosiyana, ndipo chilichonse chinkafuna yankho lakelake. Za penshoni ya malemu sindidatsutse, chifukwa panalibe chotsutsa. Ndidangovomera kuti nyumbayo idamangidwa molimba, ndipo ndidatchula zimene ndidaona ndi maso anga, monga maziko opanda mng'alu ndi mpanda woongoka. Za matailosi ndidawauza kuti adzathandiza nyumbayo kugulidwa msanga, koma nyumba zitatu zija nazonso zinali ndi matailosi, choncho ali kale m'mtengo. Za simenti ndidati zoonadi kumanga lero n'kodula, koma amene akubwera kudzaona nyumba yawo akuiyerekeza ndi nyumba zina zakale zimene angagule ndi ndalama zomwezo.

Kenako ndidayala pepala patebulo, nyumba zitatu zija, iliyonse ndi chithunzi chake. Yoyamba adaizindikira nthawi yomweyo. "Iyi si ya pakona paja? Imeneyi idapita pa 90 basi? Ndi boyizikota yomwe?" Ndidakhala chete kuwasiya aganize. Mwana wamkazi ndiye adatenga cholembera n'kuyamba kuchotsera yekha. Nambala imene mwininyumba waifikira ndi dzanja lake amaikhulupirira kuposa imene mwamuuza inu.

Wa ku Joni uja adati, "Achimwene, bwanji tiyambe pa 120, ikakanika tidzatsitsa?" Mawu amenewa mudzawamva pafupifupi panyumba iliyonse, ndipo muyenera kukhala ndi yankho la ziwerengero. Ndidamuuza zinthu zitatu. Choyamba, ogula enieni amabwera m'masabata oyambirira, nyumba ikadali yatsopano pamsika. Amene ali ndi K85 miliyoni sabwera kudzaona nyumba ya 120, ndipo amene ali ndi 120 akaiona amaiyerekeza ndi nyumba zazikulu n'kupita. Mukadzatsitsa patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu amayamba kufunsana kuti nyumba ija ili ndi vuto lanji, kapena pali mkangano wa pachibale, ndipo amabwera ndi mitengo yonyoza. Chachiwiri, mayiwo anali atatsala pang'ono kusamukira kwa mwana wawo. Nyumba ikakhala chaka yopanda munthu, ndiye kuti K5.4 miliyoni ya lendi yapita, kuphatikizapo malipiro a mlonda, ndipo denga lija likhala litamwanso mvula ya dzinja lina. Chachitatu, wogula wa ngongole ya kubanki salamula yekha mtengo. Banki imatumiza katswiri wake wovomerezeka kudzayesa nyumbayo, ndipo imabwereketsa potengera mtengo umene iyeyo wapeza. Katswiriyo adzayang'ana nyumba zomwezi zimene zili papepala langa. Ngakhale atapezeka munthu wovomera 120, banki ikati 82, malonda afera pomwepo patatha miyezi iwiri ya mapepala. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Apa ndipamene ndidatchula mtengo wotsatsira, K86 miliyoni. Ogula athu amanenerera, ndipo munthu akapanda kuchotseredwa kanthu amaona ngati wapusitsidwa, choncho ndimasiya mpata wa pafupifupi 5 peresenti pamwamba pa mtengo umene ndikuyembekezera. Mpata ukaposa pamenepo umayamba kuthamangitsa anthu m'malo mowakopa. Tidagwirizananso mtengo wotsikitsitsa umene mayiwo angalandire, K80 miliyoni, ndipo umenewo udakhala chinsinsi cha m'nyumbamo. Tidalembanso kuti pakatha masabata asanu ndi limodzi tidzakhalanso pansi. Ngati palibe amene wabwera kudzaona, ndiye kuti mtengo wakwera kwambiri kapena kutsatsa sikukufika kwa anthu. Ngati akubwera ambiri koma palibe wotchula ndalama, ndiye kuti pali chimene akuona m'nyumbamo, ndipo ine ndinkakayikira denga. Ngati ogula atatu osadziwana atchula mitengo yoyandikana, pamenepo msika walankhula, ndipo pepala langa liyenera kugonja.

Chomaliza chimene ndidawaonetsa n'chimene maejenti ambiri amabisa, ndalama zimene zidzatsale m'manja mwawo. Pa K82 miliyoni, komishoni ya 5 peresenti imene tidagwirizana inali K4.1 miliyoni. Panalinso ngongole ya msonkho wa kukhonsolo ya mzinda ndi lendi ya malo, pamodzi pafupifupi K900,000, zimene zimayenera kulipiridwa umwini usanasinthidwe. Zotsala zinali K77 miliyoni. Mayiwo adapuma mozama, chifukwa m'maganizo awo ndalamazo anali atazigawa kale pa K120 miliyoni. Kunali bwino kuti akhumudwe tsiku limenelo, akadali ndi ufulu wonena kuti sagulitsanso, kusiyana n'kudzadzidzimuka ku ofesi ya loya. Ndidawauzanso poyera kuti komishoni yanga imakula mtengo ukakula, choncho ndilibe chifukwa chowatsitsira dala.

Sadavomere tsiku lomwelo. Adati akaganize, ndipo ndidamva kuti ejenti wina adawalonjeza K110 miliyoni. Izi zidzakuchitikirani. Pali anzathu amene amatchula mtengo wokoma kuti angolanda nyumbayo, akudziwa kuti adzamutopetsa mwini wake mpaka atsitse. Musapikisane nawo pokweza nambala. Ine ndidasiya pepala lija patebulo n'kuwapempha chinthu chimodzi, kuti amufunse mnzangayo awaonetse nyumba zitatu zimene zagulidwa pa K110 miliyoni m'dera lawo, ndi masiku ake. Patapita masabata awiri mwana wamkazi uja adaimba foni kuti ndibwere ndi chikwangwani. Tidakonzetsa malata a kukhitchini tisanayambe kuonetsa anthu, ndipo popeza K3 miliyoni ya denga sinalinso yochotsera, nyumbayo idagulidwa m'sabata yachisanu ndi chiwiri pa K84 miliyoni. Mukachotsa za denga zija, ndiye kuti ndidaphonya ndi K1 miliyoni, ndipo ndidalemba zimenezo m'kaundula.

Ndikusiyirani ntchito. Musanabwerenso sabata yamawa, aliyense asankhe dera limodzi limene amalidziwa, kaya ndi Chilinde, Eliya 49, Chilomoni kapena Katoto, ndipo apeze nyumba zitatu zimene zagulidwa m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayi. Pa iliyonse mulembe mtengo umene idatsatsidwira, umene idagulidwira, nthawi imene idakhala pamsika, ndiponso anthu awiri amene akutsimikizirani. Mudzaona kuti kupeza zitatu zokhazo kudzakutengerani masiku angapo ndi mayunitsi ambiri, ndipo mukabwera nazo tidzazisintha pamodzi pabolodi pano.